Mipata Inayi Imene Ndinasiya pa Fomu

Chotupacho ndinachipeza ndikusamba m'mawa, m'bere lakumanzere, chakufupi ndi kukhwapa. Chinali cholimba ngati njere ya nzama, ndipo sichinkapweteka. Ndinatha milungu iwiri ndikungochigwiragwira ndisanapite ku kiliniki. Nthawi imeneyo ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinkakhala ndekha m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake ku Primrose, ku Joni, ndipo ndinkagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina masiku asanu pa mlungu. Pasipoti ndinali nayo, koma masiku amene anandidindira pa malire anali atatha kalekale. Ambiri a ife ku Joni tinkakhala choncho, ndipo tinazolowera kusasiya dzina lathunthu paliponse.

Ku kiliniki ndinapita Lachisanu, nditanama kwa abwana kuti dzino likundivuta. Anthu anali ambiri, ndipo ndinalowa kwa sisitala dzuwa litapendeka. Anali mayi wamfupi wa magalasi, wolankhula Chizulu ndi Chingerezi mosakaniza. Anandigoneka, n'kupima mabere onse awiri ndi m'khwapa momwe. Atafika pa chotupa paja anapimapo mobwerezabwereza.

"Mama, ichi sitingachione bwino pano," anatero. "Ndikutumizani ku chipatala chachikulu. Kumeneko akajambula, mwinanso akatengako kanyama kuti akayeze. Ine ndilemba gawo langa, inu lembani la pamwambali. Tikapeza tsiku tikuimbirani."

Anandipatsa fomu ndi cholembera, n'kundituma pa benchi ya panja chifukwa wodwala wina anali atalowa kale. Dzina ndinalemba. Adiresi ndinalemba yoona, popeza inali kale m'failo langa kuyambira pamene ndinabwera ndi chifuwa chaka cha m'mbuyo mwake. Kenako ndinafika pamene ankafuna nambala ya chiphaso kapena ya pasipoti, ndipo dzanja langa linaima. Ndinalumpha. Pa tsiku lobadwa ndinangolemba chaka. Pa nambala ya foni ndinalemba yanga, koma nambala yomaliza ndinaisiya dala. Pamene ankafuna wachibale woti amuimbire zinthu zikavuta, sindinalembe kanthu.

Wachibale ndinali naye. Mwana wanga wamkazi ankakhala ku Dukathole ndi mwamuna wake, m'kanyumba ka malata, ndipo anali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi iwiri. Mimba yake yoyamba inapita padera. Sindinafune kuti foni yake ilire, anthu achilendo n'kumuuza za bere la mayi ake.

Fomuyo ndinaiika m'thireyi imene inali pa tebulo la pakhomo, pansi pa mafomu ena, ndipo ndinatuluka mofulumira. Kunena zoona, mumtima ndinkafuna zinthu ziwiri zosemphana. Ndinkafuna andithandize, komanso ndinkafuna asandipeze.

Patatha masiku khumi, ndikuweruka kuntchito, ndinapeza mayi mwini nyumba atakhala pa mpando pafupi ndi geti. Tinkawatchula kuti amastandi. Sankakonda kukhala panja, choncho nditangowaona ndinadziwa kuti akudikira ine.

"Kunabwera anthu awiri a yunifolomu," anatero m'Chizulu. "Amafuna iwe. Akuti ndi a ku kiliniki. Asiya ichi."

Inali envelopu ya khaki yomata bwino, ili ndi dzina langa ndi chidindo cha kiliniki.

"Wachita chiyani?"

"Palibe, Mama."

"Ine sindifuna anthu a boma pakhomo panga. Lero a kiliniki, mawa apolisi. M'zipinda zinayi zonsezi muli anthu akunja okhaokha. Ukonze zimenezi."

Ndinalowa m'chipinda, n'kutseka chitseko, n'kukhala pa bedi chikwama chikadali paphewa. Kalatayo inali ya tsamba limodzi, yotayipa m'Chingerezi. Sukulu ndinalekeza Fomu 2, Chingerezi cholemba ndimachimva ndikamawerenga pang'onopang'ono. Inati fomu yonditumizira ku chipatala chachikulu ndi yosakwanira, ndipo chipatalacho sichingandipatse tsiku mpaka itakwanira. Inati anayesa kundiimbira koma nambala inali yoperewera. Pansi pake anandandalika zinthu zinayi zija, chilichonse pa mzere wake. Anapempha kuti ndipite ndekha, nditatenga chiphaso chilichonse chimene ndili nacho, kalata yomweyo ndi khadi langa la ku kiliniki, ndipo ndisachedwe. Mawu akuti ndisachedwe anawadula mzere kunsi ndi cholembera cha buluu. Chiganizo chomaliza chinati zimene ndingawauze ndi zachinsinsi, ndipo ndi zothandizira chithandizo changa basi. Za bere sanatchule paliponse.

Chiganizo chomalizacho ndinachiwerenga kangapo. Ndinkachimva bwinobwino, koma sindinachikhulupirire. Pa gulu la foni la amayi a kutchalitchi kwathu pankabwera nkhani zambiri masiku amenewo. Wina akuti pa kiliniki ina panaima anthu pa geti n'kumafunsa ziphaso. Wina akuti mlamu wake anapita kukatenga mankhwala ndipo sanabwerenso, anangomveka ali kumalo osungirako oyenera kubwezedwa kwawo. Palibe amene ankadziwa zoona ndi zabodza. Ine ndinangoona kuti boma landilembera kalata yofuna nambala ya pasipoti yanga, ndipo likudziwa pamene ndimagona.

Kalatayo ndinaipinda n'kuiika pansi pa matiresi, pamodzi ndi pasipoti.

Mlungu umenewo ndinagwira ntchito ngati munthu wogona. Ndinapsereza kolala ya shati ya abambo a panyumbapo. Galimoto ikaima pa geti la abwana, ndinkasiya mopu n'kusuzumira pa katani. Ndinaganiza zosamuka, mpaka ndinafunsa mnzanga wina ngati kuli chipinda ku Springs. Ndinaganiza zopita ku kiliniki ina kukayambira poyamba ndi dzina lina. Ndinaganizanso zobwerera kumudzi ku Ntcheu, koma ndikanapita, kubwerera ku Joni kukanavuta, ndipo mwana wanga anali pafupi kuchira. M'mawa uliwonse ndikamasamba chala chinkapita chokha pamalo paja. Tsiku lina ndinkaona ngati chakula, tsiku lina ngati chili momwemo.

Lachinayi anthu aja anabweranso ine kulibe. Amastandi sanandidikirenso pa geti. Anabwera kudzagogoda.

"Abweranso. Akuti ndikuuze kuti sisitala akukufuna. Mwezi ukatha usanapiteko, upeze kwina."

Lamlungu masana mwana wanga anabwera kudzandiona monga ankachitira tikaweruka kutchalitchi. Ndinamumva akupatsana moni ndi amastandi pabwalo, ndipo moniwo unatalika. Atalowa sanakhale pansi. Anaima pakhomo, dzanja limodzi lili m'chiuno, mimba ili patsogolo.

"Amayi, a kiliniki akukufunirani chiyani?"

"Ndi za chifuwa chija."

"Chifuwa cha chaka chatha? Akuti abwera kawiri, ndipo anasiya kalata. Ili kuti?"

"Khala pansi kaye, iwe. Wayenda mtunda."

"Ndikhala mukandionetsa."

Mwana ameneyu anatengera bambo ake malemu, sabwerera m'mbuyo. Ndinatukula matiresi n'kumupatsa. Anawerenga ali chiimire, milomo ikuyenda. Atamaliza anandiyang'ana.

"Akukutumizani ku chipatala chachikulu chifukwa cha chiyani? Apa sanalembe."

Ndinamasula mabatani a bulauzi, ndinatenga dzanja lake n'kuliika pamalo paja. Zala zake zinali zozizira. Anakanikiza pang'ono, kenako anachotsa dzanja msanga ngati wagwira mbaula.

"Chayamba liti?"

"Mwezi wapitawu. Mwina kuposa."

"Mwezi! Ndipo ine ndimabwera muno Lamlungu lililonse, mumandiphikira tiyi, mumandifunsa za miyendo yanga yotupa." Anakhala pa bedi tsopano. Anayang'ananso kalata ija, n'kuloza mzere wachinayi. "Apa pa wachibale simunalembe munthu. Ndiye kuti ine ndine ndani?"

"Sindinafune kukudetsa nkhawa ndi mmene ulilimu."

"Ndiye mumafuna ndidzamve liti? Amastandi akadzandiimbira kuti bwera udzatenge katundu wa mayi ako?"

Analira, inenso ndinalira. Titatonthola ndinamuuza za pasipoti. Anati iyenso masiku a pa pasipoti yake anatha, koma kusikelo amapita mwezi uliwonse, anawaonetsa pasipoti yake tsiku loyamba ndipo palibe chimene chinamuchitikira. Ndinati kiliniki yake si yanga. Anati n'zoona, sangalumbire, koma mawa m'mawa akubwera kudzanditenga, ndipo ndikakana akagona pakhomo panga.

Abwana ndinawatumizira uthenga woti ndichedwa, ndikupita kuchipatala. Sindinatchulenso dzino.

Lolemba tinanyamuka kukungocha, chifukwa pa kiliniki ukachedwa umapeza mzere utafika kumsewu. Pasipoti ndinaikulunga m'kapepala ka pulasitiki n'kuibisa mkati mwa zovala. Kwa zaka zambiri ndinali ndisanayende nayo. Munthu wopanda pepala m'thumba akhoza kunena kuti waiwala kunyumba, koma woyenda ndi pasipoti yotha masiku wanyamula yekha umboni.

Titayandikira pokwerera tekisi tinaona galimoto ya apolisi itaima pakona. Apolisi awiri anali atatsamira galimotoyo akumwa khofi. Ndinaima.

"Tibwerere," ndinanong'ona.

"Musaime, amayi. Gwirani mkono wanga ngati mukundithandiza ine."

Ndinamugwira. Tinadutsa pafupi nawo kwambiri moti ndinamva fungo la khofiyo. Mmodzi anayang'ana mimba ya mwana wanga, n'kunena kanthu kena moseka m'Chisutu. Mwana wanga anayankha, nayenso akuseka, osachepetsa liwiro. Titakwera tekisi ndinaona kuti ndamusiyira zipsera za zikhadabo pamkono.

Pa geti la kiliniki panali mlonda yekha. Anayang'ana m'zikwama n'kutilozera mzere. Tinakhala pa benchi maola awiri ndi theka, tikusuntha pang'onopang'ono. Anthu oyandikana nafe ankalankhula Chizulu, ndipo ife tinakhala chete kuti Chichewa chathu chisamveke. Kawiri konse ndinanyamuka n'kunamizira kuti ndikupita kuchimbudzi, ndipo kawiri konse mwana wanga ananyamuka nane.

Kalaliki anali bambo wachikulire wa imvi, atakhala kuseri kwa windo lagalasi. Ndinalowetsa kalata ndi khadi pa kabowo. Anawerenga, anapita kuseri, n'kubwera ndi failo langa. Fomu ija inali pamwamba, ataimata kapepala kachikasu.

"Chiphaso," anatero osandiyang'ana.

Ndinatembenuka kuyang'ana kukhoma, n'kutulutsa pasipoti. Pulasitiki ija inali itanyowa ndi thukuta ndipo inakana kumasuka. Anthu a kumbuyo kwathu anayamba kung'ung'udza. Mwana wanga anailanda, anaing'amba ndi mano, n'kuponya pasipotiyo pa kabowo.

Bamboyo anaitsegula. Ndinkayang'ana zala zake. Tsamba la chidindo cha pa malire ndinkalidziwa, linali lachitatu kuchokera pa chithunzi. Anatsegula pa chithunzi, anandiyang'ana nkhope, n'kuyamba kukopera nambala pa fomu, imodziimodzi, kenako mu kompyuta. Anakopera tsiku ndi mwezi wobadwa. Kenako anaima, n'kukweza pasipoti ija pafupi ndi maso. Chala chake chachikulu chinali pa ngodya ya tsamba.

"Pali vuto apa, Mama."

Mwana wanga anasendera pafupi ndi windo.

"Vuto lanji, Baba?" anafunsa mwana wanga.

"Dzina la bambo. Mu pasipoti alemba ndi r, m'failo muli l. Loona ndi liti?"

Kwathu zilembo ziwirizi sitizisiyanitsa kwenikweni, ndipo ine ndinali ndisanaganizepo. Bamboyo anafotokoza kuti dzina likasiyana pa mapepala, ku chipatala chachikulu akhoza kunditsegulira mafailo awiri, zotsatira za kuyeza n'kulowa m'failo lina ine ndikudikira ndi lina. Anati atsatira za mu pasipoti. Anakonza m'failo, pa khadi ndi pa fomu, n'kusayina pambali.

"Nambala ya foni. Apa pali manambala asanu ndi anayi. Amayenera kukhala khumi."

Ndinatchula yonse. Anaimba pomwepo ndi foni ya pa tebulo, ndipo foni yanga inalira m'chikwama. Anagwedeza mutu kuvomereza.

"Wachibale?"

"Ndine," anatero mwana wanga, n'kutchula dzina lake, nambala yake ndi kumene amakhala. Nayonso anaiimba.

Kenako anatseka pasipoti n'kuikankhira kwa ine. Sanatsegule tsamba lina lililonse. Sindikudziwa ngati ndi lamulo lawo kapena ndi mtima wa bamboyo, ndipo sindinafunse. Ndinasayina pansi pa fomu.

Bamboyo anatitumiza kwa sisitala uja. Atandiona anavula magalasi.

"Ndinu amene munandipatsa nambala yoduka! Mama, ndinaimba ku chipatala Lolemba lotsatira lomwelo. Malo analipo mlungu womwewo. Anandifunsa tsiku lanu lobadwa, ndilibe. Anandifunsa kuti akupezani bwanji, ndilibe. Malowo anapatsa wina. Mukudziwa kuti mwataya milungu ingati?"

"Pepani, sisitala. Ndimaopa."

"Mumaopa chiyani?"

Ndinayang'ana pansi. Anapumira m'mwamba.

"Ine ntchito yanga ndi bere lanu. Mukanakhala kuti mulibe pepala lililonse, mukanangondiuza, tikanalemba ndi tsiku lobadwa ndi nambala ya failo. Koma munthu amene sindingathe kumupeza ndingamuthandize bwanji? Gonani apo ndionenso."

Anapimanso, n'kuyerekeza ndi zimene analemba tsiku loyamba. Sananene ngati chakula. Anatenga cholembera n'kuyang'ana gawo lake la fomu.

"Tsiku lija ndinakufunsani ngati m'banja mwanu munali wina amene anadwalapo bere, munati simukudziwa. Ndikufunsaninso."

Mwana wanga anali ataima pafupi ndi katani. Agogo ake sanawaone, anamwalira iye asanabadwe, ndipo ankadziwa kuti anadwala nthawi yaitali, basi. Kwathu nkhani imeneyi sitinkaikamba.

"Mayi anga," ndinatero. "Anali ndi chilonda pabere chimene sichinapole. Anamwalira nacho."

"Anali ndi zaka zingati?"

"Sanafike makumi asanu."

Sisitala analemba. Kenako anatembenukira kwa mwana wanga n'kumuuza kuti akadzachira adzabwere, adzamuphunzitse kudzipima yekha, ndipo aziuza madokotala za agogo ake ndi za ine. Mwana wanga anangoti inde. Nkhope yake sindinaiyang'ane.

Sisitala anaimba ku chipatala ife tili pomwepo. Foni inalira nthawi yaitali osayankhidwa. Anadula, anaimbanso. Ulendo wachitatu munthu anayankha, ndipo ndinamva sisitala akutchula dzina langa chilembo ndi chilembo, nambala ya pasipoti, tsiku lobadwa, kukula kwa chotupa, ndi nkhani ya mayi anga. Anakangana nawo pang'ono m'Chingerezi chothamanga. Atadula analemba tsiku pa khadi langa, n'kulizunguliza. Linali patsogolo ndi milungu itatu. Anaika fomu m'envelopu, anamata, n'kundipatsa kuti ndikapereke ndekha, kope lina n'kutsala m'failo.

"Mukapite m'mamawa. Mutenge envelopu iyi, khadi ndi pasipoti. Kumeneko akakufunsaninso zambiri, za kumene mumakhala ndi za ntchito yanu. Mukayankhe zonse."

Ine ndi mwana wanga tinatuluka panja. Anagula malalanje awiri kwa mayi wogulitsa pa geti, anasenda limodzi n'kundipatsa.

"Za agogo bwanji simunandiuze?"

"Inenso mayi anga sanandiuze. Ndinangoona nsalu zimene ndinkachapa."

Ku chipatala chachikulu kunalidi mafunso ena ndi mizere ina, ndipo pa windo lililonse mtima unkagunda chimodzimodzi. Anajambula, anatenga kanyama ndi singano, ndipo ndinadikiranso. Mdzukulu wanga anabadwa ndikudikira zotsatira, mtsikana wamphumphu. Zotsatirazo zinati ndi khansa. Dokotala anati sinafalikire kutali, ndipo ndinamufunsa ngati milungu imene ndinataya ija yaononga kanthu. Anati sangadziwe, chofunika n'chakuti ndafika. Yankho limenelo silinandikhutitse, ndipo mpaka lero ndimaliganizira.

Anandichotsa berelo ndi timitsempha tina ta m'khwapa. Kunatsatira miyezi ya mankhwala imene sindikufuna kuilemba pano. Abwana anandisungira ntchito masiku atatu pa mlungu, ena awiri anapatsa munthu wina. Amastandi sanandithamangitse. Atamva za matenda anga anachita manyazi, ndipo ankanditumizira supu m'kapoto kawo.

Nditabwerera kuntchito ndinapeza kuti mkono wamanzere sukwera kupitirira phewa. Tsiku loyamba ndinaima ndi beseni la zochapa pansi pa waya woyanikira, ndikulephera kufikira. Ndinayanika ndi dzanja limodzi, mashiti akugwera pa udzu, mpaka abwana aakazi anandiona pa windo. Loweruka lake amuna awo anatsitsa wayayo kufika pachifuwa panga, ndipo mashiti ndinayamba kuwapinda pawiri kuti asakhudze pansi.